Kabati yokhoma ndi imodzi yokha: botolo loyamba kuchotsamo ndi la asidi wa naitiriki

Funso: Ndine mphunzitsi wa kemisitiri pa sekondale ina, ndipo ndangopatsidwa makiyi a chipinda chosungiramo mankhwala a mu labotale. Amene ndawalowa m'malo anandandalika mabotolo pa mashelefu a matabwa motsatira alifabeti, koma maasidi onse anawatsekera m'kabati yachitsulo pamodzi ndi chigubu cha etanolo cha malita 20, popeza ndiyo yokha imene ili ndi loko. Chipindacho n'chaching'ono, pafupifupi mamita 2 m'lifupi ndi mamita 3 m'litali, ndipo ndalama zogulira makabati apadera palibe. Kodi ndiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi, muyambe ndi botolo la asidi wa naitiriki, HNO₃, ndipo mulichotse m'kabatimo sabata ino isanathe, musanakhudze china chilichonse. Liwu lakuti asidi limanyenga anthu ambiri, chifukwa limachititsa munthu kuganiza kuti mabotolo onse olembedwa liwu limeneli ndi a banja limodzi ndipo angathe kukhala pamodzi. Asidi wa naitiriki wosasungunula, amene amabwera ndi mphamvu ya maperesenti 68 mpaka 70, amawotcha khungu ngati maasidi ena onse, koma alinso ndi khalidwe lachiwiri: ndi wokoleza moto, ndiye kuti amapereka okosijeni kwa chinthu chimene chingathe kuyaka. Akakumana ndi etanolo, metanolo kapena asetoni, sipafunikanso machesi. Zinthuzi zimayamba kutentha pazokha, zimatulutsa utsi wofiirira wa NO₂, ndipo kutenthako kumafulumizitsanso zimene zikuchitika mpaka madziwo atathovoka kapena kugwira moto. Choopsa kwambiri n'chakuti nthawi zambiri poyamba pamakhala zii kwa kanthawi, moti munthu amaganiza kuti palibe chachitika, n'kutseka chitseko kumapita.

Utsi wofiirirawo musauone mopepuka. Munthu amene waupuma akhoza kutsokomola pang'ono, n'kumva bwino, koma patapita maola angapo mapapo ake n'kuyamba kudzaza madzi. Aliyense amene wapuma utsi umenewu apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akudzimva kuti ali bwinobwino, ndipo adokotala auzidwe dzina la mankhwalawo.

Botolo lachiwiri loti mulifufuze m'kabatimo ndi la asidi wa asetiki wosasungunula, CH₃COOH, amene m'mabuku a ophunzira anu amatchedwanso asidi wa etanoiki. Ameneyu ndi asidi ndithu, koma pa nkhani yosunga ali mbali ya zoyaka, mofanana ndi etanolo. Nthunzi yake imagwira moto madziwo akafika 39°C, ndipo chipinda cha malata chopanda siling'i m'mwezi wa Okutobala chimafika pamenepo mosavuta, makamaka kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire. Choncho asidi wa asetiki ndi wa naitiriki, ngakhale onse ndi maasidi, ali ngati parafini ndi moto, ndipo kuwaika pa shelefu imodzi ndi cholakwa chimene ndachipeza m'malabotale ambiri amene ndayendera, ngakhale aukhondo kwambiri. Malo a asidi wa asetiki wosasungunula ndi m'kabati ya zoyaka, m'kabeseni kakekake kuti akatayika asadye chitsulo cha kabatiyo. Wosungunula kwambiri, ngati viniga wa kukhitchini, sayaka ndipo alibe vuto limeneli.

Mukamvetsa mabotolo awiriwa, mwamvetsa njira yonse. Funso loti muzidzifunsa pa botolo lililonse si lakuti dzina lake ndani, koma lakuti likasweka usiku wa Loweruka, kulibe munthu, madzi ake akafika pati ndipo akakumana ndi chiyani kumeneko. Moto umafuna zinthu zitatu, choyaka, okosijeni ndi kutentha. Zoyaka muli nazo m'chigubu. Mankhwala okoleza moto ali ndi okosijeni wochuluka kuposa wa mumpweya, moti moto umene iwo akuudyetsa suzima mwa kungouphimba. Maasidi amphamvu, makamaka wa salifiyuliki, amabweretsa kutentha ndipo amadzutsa ukali wa okoleza motowo. Magulu atatuwa akakhala m'kabati imodzi, zonse zofunika zilipo kale ndipo chatsala ndi chivindikiro chimodzi chong'aluka. Ngozi ya padoko la Beirut pa 4 Ogasiti 2020, imene inapha anthu oposa 200, inachokera ku matani 2,750 a amoniyamu naitireti, mchere umene pawokha suyaka msanga koma umene unasungidwa zaka zambiri m'nyumba imodzi ndi katundu woyaka. Wanu, ngati muli nawo, ndi wochepa, mwina magalamu 500, koma khalidwe lake ndi lomwelo.

Dongosolo la alifabeti ndi labwino pofufuza botolo, koma limayandikanitsa adani ngati kuti likuchita dala. Yendani pa mashelefu anu muone. Pa chilembo G pali giliserolo, ndipo pafupi pomwepo pa H pali haidirojeni perokosaidi, H₂O₂, wokoleza moto. Pa M pali metanolo, ndipo akanapanda kutsekeredwa m'kabati, asidi wa naitiriki akanaima pambali pake penipeni pa N. Pa P pali potaziyamu pamanganeti, KMnO₄, timiyala takuda tofiirira tija, pamodzi ndi puropanoni, amene ndi asetoni yemwe uja. Pa S pali sodiyamu naitireti moyang'anana ndi ufa wachikasu wa salifa. Ngati munaonapo madontho a giliserolo akugwera pa kamulu ka pamanganeti, mukudziwa kuti pamakhala chete kwa masekondi angapo, kenako katsi koyera, kenako lawi lofiirira lamphamvu, popanda amene wayatsa. Zimenezi zikachitika pa thabwa louma la shelefu, thabwalo limakhala nkhuni. Alifabeti musaitaye, koma izigwira ntchito mkati mwa gulu limodzi lokha, mutamaliza kulekanitsa magulu.

Kuti mudziwe gulu la botolo lililonse, werengani kapepala ka pabotolo, osadalira kukumbukira. Mabotolo amakono ali ndi zizindikiro za GHS, dongosolo la maiko onse lochenjezera za kuopsa kwa mankhwala, zojambulidwa m'kabokosi kopendekeka ka mzere wofiira. Lawi lokha, GHS02, ndi chinthu choyaka msanga. Lawi lokhala pamwamba pa kabwalo kozungulira, GHS03, ndi chokoleza moto, ndipo zizindikiro ziwirizi zimafanana kwambiri moti munthu wofulumira amaziika pamodzi poganiza kuti zonse ndi za moto, chimene chili cholakwa chachikulu kuposa zonse. Madontho akugwera pa dzanja ndi pa chitsulo, GHS05, ndi chinthu chodya, koma chizindikiro chimenechi chimapezeka pa maasidi komanso pa maalikali, choncho pachokha sichikuuzani amene angakhale ndi mnzake. Pansi pa zithunzizo pali manambala: H225 ndi H226 ndi madzi oyaka, H271 ndi H272 ndi okoleza moto, H314 ndi owotcha khungu ndi maso. Botolo la asetiki wosasungunula limakhala ndi H226 ndi H314 pamodzi, la naitiriki limakhala ndi H272 ndi H314. Botolo likakhala ndi makhalidwe awiri chonchi, khalidwe la moto, kaya kuyaka kaya kukoleza, ndilo limasankha malo ake. Pa mabotolo akale amene alibe zizindikirozi, funani chikalata cha chitetezo cha mankhwalawo, chotchedwa SDS, kwa amene anakugulitsani kapena pa intaneti, ndipo muwerenge gawo 7, lonena za kasungidwe, ndi gawo 10, lotchula zinthu zimene sayenera kukumana nazo.

Tsopano tiyale chipinda chanu. Kabati yachitsulo ikhale ya zoyaka zokhazokha: etanolo, metanolo, asetoni, parafini, ndi asetiki uja m'kabeseni kake. Makabati enieni a ntchito imeneyi, monga amene amapangidwa motsatira muyezo wa EN 14470-1, amatha kupirira moto mpaka mphindi 90, ndipo kabati wamba ya muofesi siyandikira n'komwe pamenepo, komabe chitsulo sichiyaka ndipo sichimwa madzi otayika monga thabwa, choncho ndi malo abwino kuposa ena onse amene muli nawo. Ikhale kutali ndi chitseko kuti moto ukabuka musatsekeredwe mkati, kutali ndi dzuwa lolowera pawindo, ndiponso kutali ndi switchi ndi soketi za magetsi. Maasidi akachokamo mupindulanso china, chifukwa nthunzi ya asidi wa haidirokoloriki, HCl, imatuluka pang'onopang'ono ngakhale botolo lili lotseka ndipo imadya chitsulo. Yang'anani mahinji ndi timanja togwirizira mashelefu m'kabatimo. Ngati pali dzimbiri lofiira lomanyenyeka mukalikhudza, ndiye kuti shelefuyo yayamba kufooka, ndipo botolo limodzi la malita 2.5 la asidi wa salifiyuliki wosasungunula lili ndi asidi wolemera makilogalamu 4.6, osawerengera galasi. Tsiku limene kamanja kamodzi kadzathyoke, mabotolo onse adzagwera pamodzi pa chigubu chili pansicho.

Chigubu cha malita 20 chija chandidetsa nkhawa, ndipo ndikufuna muone chifukwa chake m'manambala. Nthunzi ya etanolo imagwira moto kuyambira pa 13°C, choncho kwathu kuno ili yokonzeka kuyaka pafupifupi tsiku lililonse la chaka. Mpweya umene uli ndi nthunzi ya etanolo yokwana maperesenti 3.3 umayaka ukangokumana ndi kuthetheka kwa magetsi. Ngati denga la chipinda chanu lili pa mamita 2.5, muli mpweya wa malita 15,000, ndipo maperesenti 3.3 a umenewu ndi malita pafupifupi 500 a nthunzi, amene amachokera ku etanolo wamadzi wongopitirira lita imodzi pang'ono. Ndiye kuti gawo laling'ono chabe la chigubucho likadontha n'kuuma m'chipinda chotseka, chipinda chonse chikudikira munthu woyatsa getsi. Ndipo popeza nthunzi ya etanolo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chapansi n'kudzikundika pa simenti, moti chapansipo pamafika poyaka kalekale chipinda chonse chisanafike. Choncho tsanulirani wa ntchito ya sabata m'botolo limodzi la malita 2.5 lolembedwa bwino, mukuchitira panja pamthunzi kutali ndi moto, ndipo chigubucho chikakhale m'kanyumba kena ka njerwa kokhoma, kolowa mphepo chapansi ndi chapamwamba, kopanda mankhwala ena. Musaike zoyaka mu furiji wamba poganiza kuti kuzizira kuzithandiza, chifukwa switchi ya getsi la mkati ndi kachipangizo koyendetsa kuzizira zimathetheka, ndipo furiji yodzaza nthunzi imaphulika n'kuponya chitseko.

Nkhani ya loko ithetsedwe pa chitseko cha chipinda chonse, ndi loko wabwino ndi mabagala pawindo, kuti kabati imodzi isakakamizidwe kusunga chilichonse chimene mukuopa kuti ana angatenge.

Maasidi a haidirokoloriki ndi salifiyuliki akhale chapansi, pa shelefu yosafika m'chiuno, kukhoma lina, m'mabeseni a pulasitiki yolimba. Mabeseni a pamsika amakwanira ngati pansi pake palembedwa PP ndi nambala 5 kapena HDPE ndi nambala 2, ndipo alibe mng'alu. Beseni lililonse lizitha kulandira madzi onse a botolo lalikulu kwambiri limene laimamo, kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti malita 2.75 pa botolo la malita 2.5. Musangoyerekeza ndi maso, chifukwa mabotolo otsalawo amatenga malo m'besenimo. Tengani mabotolo opanda mankhwala a kukula komweko, muwadzaze madzi, muwaimike m'beseni monga mmene enieniwo adzaimire, kenako muthiremo malita 3 a madzi. Akasefukira, chepetsani mabotolo kapena funani beseni lakuya. Asidi wa naitiriki akhale yekha m'ndowa kapena m'beseni lake, pa simenti kapena pa kachiunda ka njerwa, osati pa thabwa, osati pa katoni, komanso kutali ndi kabati ya zoyaka monga mmene chipinda chingalolere. Ngati pali kabati ya pansi pa tebulo la simenti m'chipinda chokonzera zoyeserera, imene mungaikepo loko, malo amenewo ndi abwino kuposa kum'siya m'chipinda chimodzi ndi zoyaka.

Okoleza moto olimba, monga pamanganeti, manaitireti onse, potaziyamu koloreti ndi potaziyamu daikirometi, alowe m'bokosi la pulasitiki la chivindikiro, kukhoma loyang'anana ndi kabati ya zoyaka, ndipo pa shelefu yawo pasakhale shuga, sitalichi, makala, salifa, ufa wa zitsulo, mafuta kapena mapepala. Ngati shelefuyo ndi ya thabwa, yalanipo matailosi otsala pa zomangamanga. Anthu ambiri amaiwala kuti okoleza moto amadananso ndi maasidi, osati ndi zoyaka zokha. Pamanganeti akakumana ndi asidi wa haidirokoloriki amatulutsa mpweya wa kolorini, monga mmene mumaphunzitsira m'kalasi, ndipo akakumana ndi salifiyuliki wosasungunula amapanga timadzi tobiriwira ta Mn₂O₇ timene timaphulika tikangokhudza chinthu choyaka. Potaziyamu koloreti wosakanikirana ndi shuga amayaka ndi dontho limodzi la salifiyuliki. M'gulu lomweli muli kolorini wa ufa uja, HTH, amene amafika m'sukulu m'nyengo ya kolera n'kuponyedwa m'chipinda cha mankhwala chifukwa chosowa pomuika, pamodzi ndi jiki. Onsewa akakumana ndi asidi amatulutsa kolorini, ndipo HTH akanyowa kapena akakhudzana ndi mafuta amatha kuyatsa moto. Haidirojeni perokosaidi wa maperesenti 30 akhale pozizira ndi pamdima m'beseni lake, ndipo musam'sinthire chivindikiro, chifukwa chake chenichenicho chimakhala ndi kotulukira mpweya umene iye amatulutsa akamawonongeka.

Pali lamulo limodzi limene m'chipinda chaching'ono limaposa kutalikirana kwa mamita, ndilo la pamwamba ndi pansi. Madzi otayika sayenda cham'mbali pa shelefu nthawi yaitali, amagwa. Choncho mukamaliza kuyala, imani pa shelefu iliyonse, mutsike ndi maso kuchokera pamwamba mpaka pa simenti, ndipo muonetsetse kuti pa mzere umenewo palibe adani awiri, wina pamwamba wina pansi. Zamadzi zonse zoopsa zikhale pansi pa zolimba ndipo zisapitirire msinkhu wa maso a munthu wamfupi amene amagwira ntchito mmenemo. Pamwamba pa mabeseni a maasidi muikepo michere yofatsa yokha, monga kopa salifeti, imene ikagwera m'beseni sipabuka moto. Maalikali, ndiwo kositiki soda, potaziyamu haidirokosaidi ndi madzi a amoniya, akhale ndi beseni lawo kutali ndi maasidi, ndipo sodiyamu wachitsulo, ngati muli naye, akhale womira m'mafuta ake m'kabokosi kouma kokhoma, kutali ndi madzi ndi maasidi. Khomerani kathabwa kopyapyala kutsogolo kwa shelefu iliyonse kuti botolo lisatsetsereke likagundidwa. Dziko lathu lili m'chigwa chimene zivomezi zimachitika, monga zija za ku Karonga mu Disembala 2009, choncho kathabwa kameneka si kokongoletsa.

Chipinda chimene mankhwala ake akuyandikana molakwika chimadziulula chokha, ndipo ndi bwino kuphunzira kuchiwerenga. Fumbi loyera ngati ufa woyera lokuta mapewa a mabotolo ndi galasi la windo nthawi zambiri ndi amoniyamu kolaraidi, NH₄Cl, amene amapangika mumpweya nthunzi ya amoniya ikakumana ndi ya haidirokoloriki. Fumbi limeneli pakokha si loopsa kwenikweni, koma ndi umboni wakuti zivindikiro zikutulutsa nthunzi ndipo nthunzizo zikukumana. Mapepala a pabotolo amene asanduka ofiirira, ophwanyika ngati tsamba louma la fodya, akusonyeza nthunzi ya asidi, ndipo muwalembenso lero dzina lisanafufutike. Asidi wa naitiriki amene wasanduka wachikasu wawonongeka ndi kuwala kapena kutentha ndipo mkati mwa botolo mungakhale mpweya wopanikizika. Yang'ananinso chivindikiro chake, chifukwa asidi ameneyu amadya zivindikiro za pulasitiki mpaka kuzing'alula. Chigubu chotupa, fungo la viniga kapena la kachasu mukangotsegula chitseko, ndi mphete yakuda yopserera pa thabwa pamene panaima botolo la salifiyuliki, zonsezi ndi zizindikiro zakuti chinachake chikutuluka m'malo ake.

Tsiku losamutsa musankhe la kumapeto kwa sabata, m'mawa kusanatenthe, muli awiri akuluakulu ndipo popanda ophunzira, ngakhale amene mumawadalira. Tsegulani chitseko ndi windo, mudikire mphindi zingapo panja, ndipo ngati mukumva fungo la zoyaka musakhudze switchi. Valani magalasi otchinga maso mbali zonse, magolovesi olimba, chovala cha mu labotale ndi nsapato zotseka. Pakhomo pakhale ndowa ya mchenga wouma, soda wophikira wokwanira, chozimitsira moto cha ufa, ndi madzi ambiri osambitsira maso ndi khungu kwa mphindi zosachepera 15 ngati asidi wakudonthera. Konzani mabeseni ndi malo ake poyamba, kuti botolo lisaime pakati pa njira likudikira. Nyamulani botolo limodzi pa ulendo umodzi, m'ndowa, dzanja lina litagwira khosi lina litachirikiza pansi pamene mukulikweza, osati pa chivindikiro. Asidi akatayika, muzungulizeni ndi mchenga kenako muwaze soda pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete mpaka thovu litaleka. Utuchi, nyuzipepala ndi nsanza musazigwiritse ntchito pa naitiriki kapena pa wokoleza moto aliyense, chifukwa zimenezo ndi kum'patsa nkhuni.

Mupeza mabotolo ena amene sayenera kutsegulidwa n'komwe. Ifa wakale, amene pa Chingerezi ndi ether, C₂H₅OC₂H₅, amene anatsegulidwa zaka zapitazo, amapanga maperokosaidi amene amaphulika ndi kukhuzika kwa chivindikiro, choncho mukaona timiyala toyera m'khosi mwa botolo kapena pansi pake, lisiyeni pomwepo. Chimodzimodzinso asidi wa pikiriki, wachikasu, amene amayenera kukhala wonyowa nthawi zonse ndipo akauma ndi bomba. Awiriwa musawasunthe, lembani chenjezo, tsekani, ndipo mudziwitse a hedi kuti afune akatswiri. Mabotolo opanda dzina muwaike padera, lililonse m'kabeseni kake, osanunkhiza, osaphatikiza, osathira mu sinki kapena m'chimbudzi chokumba, ndipo sukulu ilembe kalata ku ofesi ya maphunziro ndi ku bungwe loona zachilengedwe la MEPA kufunsa njira yovomerezeka yowatayira.

Pali malo amodzi amene kulekanitsa konseku kumagwera ngakhale mashelefu ali bwino, ndipo ine ndinaphunzira zimenezi ndi mantha. Pa labotale ina kumene ndinkagwira ntchito ndili wachinyamata, mashelefu athu anali olekanitsidwa bwino lomwe, koma tinali ndi botolo limodzi lalikulu lagalasi lolembedwa kuti zotsala. Masana ena wophunzira anatsuka magalasi ndi asidi wa naitiriki, n'kuthira zotsalazo m'botolo limenelo, mmene munali kale asetoni ndi etanolo zotsukira za m'mawa, ndipo anatseka chivindikiro mwamphamvu monga mmene ife tomwe tinamuphunzitsira. Palibe chinaoneka, ndipo tonse tinatuluka kukamwa tiyi. Tili pakhonde tinamva kuphulika, ndipo titasuzumira pawindo tinaona utsi wofiirira utadzaza kabati yotulutsira utsi, galasi lake lakutsogolo litang'aluka, ndi zidutswa za botolo zitabaya chitseko cha thabwa cha kutsidya kwa chipinda, pa msinkhu wa nkhope ya munthu. Mlandu sunali wa wophunzirayo. Unali wathu, amene tinaika botolo limodzi ndi liwu limodzi losanena kanthu.

Choncho magulu a pa shelefu apitirire mpaka ku zotsala. Pakhale botolo la zoyaka zotsala, lolembedwa mayina a zimene zimaloledwa kulowamo, ndipo lizisungidwa m'kabati ya zoyaka. Pakhale lina la maasidi otsala, m'beseni la maasidi. Zotsala za naitiriki zikhale ndi lawolawo, limene silinakhalepo ndi etanolo kapena asetoni ngakhale kale, chifukwa timadontho totsalira pansi pa botolo looneka lopanda kanthu timakwanira kuliphulitsa. Musadzaze botolo la zotsala kupitirira magawo atatu mwa anayi, ndipo mukangothiramo zatsopano musamange chivindikiro mwamphamvu nthawi yomweyo. Lisiyeni pamalo olowa mphepo, chivindikiro chili chomasuka, mpaka mutatsimikiza kuti silikutentha kapena kutulutsa thovu. Nyengo ya mayeso a MSCE, pamene magulu ambiri a ophunzira amalowa motsatizana ndipo aliyense ali pa liwiro, mabotolo amenewa asakhale pa matebulo a ophunzira konse. Iwo azisiya zotsala zawo m'mabika olembedwa pa tebulo lakutsogolo, ndipo wothira m'mabotolo akhale inuyo nokha, gulu lililonse likatuluka.